Mafunso ndi mayankho: kukonza galamala m'chimangirizo chopemphera sikolashipu, nkhani ya mwiniwake osaisokoneza

Tsambali ndi la aphunzitsi, amalume, azakhali, achimwene ndi achemwali a muno mu Harare amene apatsidwa chimangirizo cha Chingerezi ndi mwana wofuna sikolashipu, n'kuuzidwa kuti "mundionereko." Pempho limeneli lili ndi malire ake, ndipo mayankho ali m'munsiwa akufotokoza pamene malirewo ali.

Mwana wa mchemwali wanga wa ku Mufakose wanditumizira chimangirizo chake. Ndiyambire pati?

Yambani ndi funso limene eni sikolashipu afunsa. Mupempheni mwanayo akutumizireni funsolo monga lalembedwera, pamodzi ndi malire a mawu ndi tsiku lomaliza. Popanda zitatuzi mukonza mumdima.

Kenako werengani chimangirizo chonse kamodzi, cholembera chili pansi. Mukamaliza, nenani m'Chichewa, m'ziganizo ziwiri, zimene mwanayo akufuna kuuza owerenga. Mwachitsanzo: analeredwa ndi agogo ake ogulitsa tomato, ndipo akufuna kuphunzira zaulimi chifukwa ankaona tomato akuwola pamsika. Ziganizo ziwirizi muzisunge, chifukwa ndizo muyezo wanu. Mukamaliza kukonza, chimangirizocho chizinenabe zomwezo.

Kuwerenga kwachiwiri n'kwa galamala yokha: aneni, alowam'malo, mawu aang'ono ngati "a" ndi "the". Kwachitatu n'kwa masipelo, zizindikiro za m'kalembedwe, mayina ndi manambala, ndipo apa ndi bwino kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo. Nkhani ikakoma maso amathamanga n'kudumpha zolakwika, koma mukawerenga chobwerera nkhaniyo imaduka ndipo chiganizo chilichonse chimaima pachokha. Chimangirizo cha mawu 500 chimafuna pafupifupi ola limodzi kuti muchiwerenge katatu mosamala. Mukaona kuti mwatha maola atatu, mwina mwasiya kukonza, mwayamba kulemba chanu.

Ndingadziwe bwanji kuti apa palakwika, ndipo apa ndi kalembedwe chabe ka mwana?

Dzanja lanu likafuna kusintha mawu, dzifunseni ngati mungatchule lamulo limene laswedwa. Ngati mungathe kunena kuti mneni sakugwirizana ndi mwininkhani, kapena kuti liwu ili silikhala ndi zambiri, konzani. Ngati chifukwa chanu n'chakuti "ine ndikananena mwina," siyani. Chiganizo chachifupi sichinalakwe. Liwu losavuta ngati "helped" silinalakwe, ndipo silifunika kusandutsidwa "facilitated".

Pakati pa ziwirizi pali gulu lachitatu, lomwe ambiri amalilumpha: malo amene simukumvetsa chimene mwana amafuna kunena. Pamenepo musaganizire nokha. Ikani funso pambali. Chiganizo chonena kuti "I left school because of my uncle" chilibe cholakwika cha galamala, koma sichikuuza ngati amalumewo anamuletsa sukulu, kapena anadwala iye n'kumawasamala, kapena anali olipira fizi ntchito n'kuwathera. Wokonza akasankha yekha tanthauzo limodzi, amalowetsa bodza m'moyo wa mwana, ndipo mwanayo adzakumana nalo bodzalo tsiku la intavyu.

Choncho chilichonse chimene mwachiona chigwere m'gulu limodzi mwa atatu: konza, funsa, siya. M'chimangirizo cholembedwa bwino pang'ono, gulu la "siya" liyenera kukula kuposa enawo.

Ndi zolakwika ziti zimene zimabwerabwera kwa ana athu?

Zambiri zimachokera m'zinenero zathu zomwe, ndipo mukadziwa gwero lake mumaziona msanga.

Choyamba ndi "he" ndi "she". M'Chichewa timati "iye", m'Chishona chimodzimodzi, popanda kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mwana wodziwa bwino Chingerezi amatha kulemba "my mother" m'chiganizo chimodzi, chotsatira n'kulemba "he". Makina oyang'ana masipelo nthawi zambiri sachigwira chimenechi popeza mawu onsewo alipo m'Chingerezi. Gwiritsani ntchito `Ctrl+F`, sakani "he", "she", "his" ndi "her" monga mawu oima paokha, osati zidutswa za mawu ngati "the", ndipo paliponse dzifunseni kuti akunenedwa ndani.

Chachiwiri chimabwera chifukwa cha ulemu. Timati "bambo anati", "agogo akudwala", munthu mmodzi n'kumutchula ngati ambiri. Mwana woleredwa bwino dzanja lake limakana kulemba "she" ponena za agogo ake, ndiye amalemba "my grandmother they are". Wowerenga wa ku London kapena ku Toronto amaganiza kuti agogowo ndi awiri. Konzani, koma mufotokozereni mwana kuti sakuchita chipongwe; Chingerezi chimasonyeza ulemu m'njira zina.

Chachitatu ndi kusakaniza nthawi za aneni. Pofotokoza nkhani pakamwa timayamba ndi kale, nkhani ikafika pokoma n'kulowa mu tsopano, omvera osasokonezeka. M'chimangirizo, ndime imayamba ndi "I went" n'kupitiriza ndi "I see". Apa pamafunika kusamala, chifukwa si kusintha kulikonse kolakwika. Ngati amayi akugulitsabe pamsika mpaka lero, "my mother sells" n'zoona ngakhale ndime yonse ikukamba za kale. Mukasintha kukhala "sold" mwawasiyitsa ntchito, mwinanso wowerenga aganiza kuti anamwalira.

Palinso mayina amene m'Chingerezi salandira "s": "advice", "information", "equipment", "furniture". Ife timati malangizo ambiri, zipangizo zambiri, ndiye mwana amawonjezera "s". Pali "borrow" ndi "lend", chifukwa kwa ife kubwereka kumayenda mbali zonse ziwiri. Pali "discuss about", pamene "about" ayenera kuchoka. Ndipo pali mawu ofanana kamvekedwe m'kamwa mwathu, monga "live" ndi "leave", "staff" ndi "stuff", "lose" ndi "loose", komanso kusinthanitsa l ndi r monga mu "collect" ndi "correct". Onsewa makina amatha kuwadutsa osalemba mzere wofiira.

Za "a" ndi "the" tinganene mwachidule: zinenero zathu zilibe timawu timeneti, ndiye timasowa kapena kuchuluka. Werengani mokweza, ndipo pa dzina lililonse la chinthu chimodzi chowerengeka onani ngati kutsogolo kwake kuli kamawu koyenera.

Tapatseni chitsanzo chenicheni. Mumakonza chiyani, mumasiya chiyani?

Nayi ndime yopeka, yofanana ndi zimene mtsikana womaliza A Level angalembe:

"When my father became late in 2019, I was doing Form 2. My grandmother they sell tomatoes at Mbare Musika and he borrowed me her phone every night so that I can read past papers. She did not know how to read but she use to ask me, 'Wawerenga chiyani lero?' I got many advices from teachers but that question is the one which pushed me."

M'ndimeyi muli malo 7 oyenera kukonza. "Became late" kuno aliyense amamva kuti bambowo anamwalira, koma wowerenga wakunja angamve kuti anachedwa, ndiye pakhale "died". "They sell" pakhale "sells". "He" pakhale "she". "Borrowed me" pakhale "lent me". "Can" pakhale "could" kuti agwirizane ndi nthawi yakale. "Use to" pakhale "used to". "Many advices" pakhale "a lot of advice". Paliponse mungathe kutchula lamulo, kapena kusonyeza kuti tanthauzo likanasokonekera.

Mafunso ofunsa mwiniwake ndi awiri. Loyamba: agogo ali moyo ndipo akugulitsabe? Ngati ayi, "sells" akhala "sold". Lachiwiri: kodi angawonjezere tanthauzo la funso la agogo m'Chingerezi, m'mawu akeake, funso la Chichewalo lili pomwepo?

Zosiya ndi zonse zotsala. "I was doing Form 2" n'zomveka. Tomato, Mbare Musika, foni yobwereka usiku, zonsezi zikhale. Chiganizo chomaliza, "that question is the one which pushed me", mphunzitsi wa Chingerezi angafune kuchisalaza, koma sichinaswe lamulo ndipo chikumveka ngati mtsikanayo akulankhula yekha.

Tsopano onani zimene wokonza wa mtima wabwino koma wa dzanja lolemera amachita ndi ndime yomweyi:

"Following the untimely demise of my father, my resilient grandmother became my pillar of strength and instilled in me a passion for education."

Galamala yake ilibe banga. Koma tomato wapita, foni yapita, msika wapita, ndipo agogo osadziwa kuwerenga amene ankafunsa mdzukulu wawo za mabuku usiku uliwonse asanduka agogo a aliyense. Chiganizo chotere angachilembe mwana wa ku Lagos kapena wa ku Dhaka osasintha liwu. Owerenga zimangirizo amaona zochuluka zotere pa tsiku limodzi, ndipo chimene chimawatsalira m'mutu ndi foni ija. Izi n'zimene zimatipweteka kwambiri tikaziona, chifukwa mwanayo amathokoza ndi mtima wonse, osadziwa kuti chamtengo wapatali m'chimangirizo chake chachotsedwa.

Nanga mawu a Chichewa kapena Chishona amene mwana waika m'chimangirizo, ndiwachotse?

Ayi, pokhapokha atachuluka mpaka wowerenga kupunthwa. Awiri kapena atatu m'chimangirizo cha mawu 500 ndi okwanira. Ntchito yanu n'kuona kuti sipelo yake ndi yolondola, kuti ikufanana paliponse, ndiponso kuti wakunja angathe kumva tanthauzo poyang'ana mawu oyandikana nawo. Ana athu ambiri obadwira ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku kapena ku Epworth amalankhula Chichewa cha kunyumba chosakanikirana ndi Chishona. Ngati mwana walemba "sadza", musamusinthire kuti "nsima" pofuna kuti aoneke Mmalawi weniweni. Mmene amalankhulira kwawo ndi gawo la nkhani yake.

Mawu a chibale ndiwo amafuna diso. "Small mother" potanthauza amayi aang'ono, kapena "cousin brother", Mngelezi sangamve. Njira yophweka n'kulemba "aunt", koma imataya kanthu, chifukwa kwa ife mng'ono wawo wa amayi ndi amayi ndithu. Ngati ubalewo uli pamtima pa nkhani, mwachitsanzo ndiwo anamulera, mulangizeni mwana alembe "my mother's younger sister" koyamba, n'kuwonjezera yekha chimene amawatchula kunyumba. Ngati angotchulidwa modutsa, "aunt" ndi wokwanira.

Kodi zaka, manambala ndi mayina ndi ntchito yanganso?

Inde, ndipo cholakwika apa chimawononga kuposa mpatuliro wosowa. Ikani chimangirizo pambali pa fomu ndi masatifiketi. Ngati chimangirizo chikuti analemba O Level mu 2021 koma satifiketi ya ZIMSEC ikuti 2022, wowerenga amayamba kukayikira zonse. Dzina la mwana lifanane ndi la papasipoti, makamaka m'mabanja athu momwe dzina limodzi linalembedwa mosiyana pa zitupa za agogo, za bambo ndi za mwana. Dzina la sikolashipu ndi la yunivesite likopedwe patsamba la eni ake. Ndipo sakani dzina la sikolashipu ina: mwana amene walembera Beit Trust ndi Mastercard Foundation mwezi umodzi amatha kusiya dzina la woyamba m'chimangirizo cha wachiwiri.

Zina n'zoona koma wakunja sazimva. "I got 15 points" kuno aliyense amadziwa kuti ndi ma A atatu pa A Level. Kunja ndi bwino kutchula maphunziro atatuwo ndi magiredi ake. BEAM ilembedwe mokwanira koyamba, Basic Education Assistance Module, ndi mawu ochepa onena kuti ndi thandizo la boma la fizi. Ndalama zitchulidwe mtundu wake. M'dziko limene laona dola ya Zimbabwe, dola ya America, mabondi, ndi ZiG imene inayamba mu 2024, kulemba "50 dollars" kokha sikunena kanthu. Nambala musaisinthe nokha, mufunseni mwiniwake.

Mwana walemba zowawa za m'banja. Ine ndikuona ngati zikutichititsa manyazi. Ndizichotse?

Imeneyo si galamala, ndipo kuichotsa mwakachetechete m'dzina la kukonza n'kumulakwira mwana. Ena amalemba za matenda a makolo, ena za nyumba imene inagwetsedwa mu 2005, ena za chitupa cha agogo cholembedwa "alien" ngakhale anakhala m'dziko muno moyo wawo wonse, ndi mmene malamulo oyendetsera dziko a 2013 anatsegulira njira ya unzika kwa obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Zoterezi nthawi zambiri ndizo zimafotokoza chifukwa chimene mwana akufunira kuphunzira zamalamulo kapena zaudokotala.

Pali mafunso awiri amene muli ndi ufulu womufunsa pamaso. Loyamba, ngati angathe kukamba nkhaniyo pamaso pa alendo atatu kapena anayi pa intavyu. Lachiwiri, ngati munthu amene chinsinsi chake chatchulidwa, monga matenda a amayi ake, akudziwa ndipo wavomera. Akayankha, chosankha n'chake. Ndipo samalani ndi mbali inayo: musawonjezere chisoni chimene iye sanaike. Ngati walemba kuti ankadya kawiri patsiku, musasinthe kukhala kamodzi.

Kodi eni masikolashipu amalola kuti munthu wina aone chimangirizo?

Zimasiyana, choncho werengani malamulo a chaka chimenecho musanakhudze liwu. Rhodes imafuna kuti wopempha atsimikize kuti zimene walemba ndi ntchito yake. Chevening imayang'ana zimangirizo ngati zakopedwa, ndipo wopezeka atakopa amachotsedwa pa mpikisano. Pamene palembedwa kuti wina asakonze, musakonze. Mungathe kumuphunzitsa mwana zolakwika zotchuka zija pogwiritsa ntchito ziganizo zina, iye n'kukadzisakira yekha m'chimangirizo chake. Musamupatsenso chimangirizo cha munthu amene anapambana kale kuti atengeremo ziganizo.

Ndikonze papepala, pafoni kapena pakompyuta?

Paliponse, bola mwiniwake aone chilichonse chimene mwasintha. Mu Microsoft Word tsegulani `Review`, kenako `Track Changes`, ndipo mafunso muike ndi `New Comment`. Mu Google Docs sinthani kuchoka pa `Editing` kupita pa `Suggesting`. Izi zimathekanso pafoni. Mwanayo ndiye avomereze kapena kukana kusintha kulikonse, kumodzikumodzi, osati kukanikiza `Accept All`. Sungani choyambirira padera musanayambe.

Ngati chabwera ngati uthenga wa pa WhatsApp, musachilembenso chonse n'kubweza. Pamenepo ndi pamene mawu anu amalowa osaoneka. Ikani manambala pa ziganizo, n'kuyankha motere: chiganizo 3, "he" akhale "she", chiganizo 8, ukutanthauza chiyani? Papepala, gwiritsani ntchito mitundu iwiri ya bolopeni, wina wa zokonza, wina wa mafunso.

Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America?

Sukulu za kuno zimaphunzitsa cha ku Britain, ndipo n'chovomerezeka kulikonse. Chofunika n'kusasakaniza "programme" ndi "program", kapena "colour" ndi "color". Mu Word sankhani zonse, pitani pa `Review`, `Language`, n'kuika `English (United Kingdom)`, apo ayi makina azikulembani mizere yofiira pa masipelo olondola.

Chimangirizo chapitirira malire a mawu. Ndidule pati?

Malire ndi enieni. Chimangirizo cha Common App cha mayunivesite a ku America chimakhala pakati pa mawu 250 ndi 650. UCAS ya ku Britain imawerenga zilembo, 4,000, kuphatikizapo mipata. Onetsetsani kaye ngati fomu ikuwerenga mawu kapena zilembo.

Mawu 30 kapena 40 opitirira amatha kuchoka popanda kukhudza nkhani. Chotsani mawu otsegulira opanda ntchito monga "I would like to say that" ndi "first and foremost", ma "very" ndi "really", ndi mawu awiri onena chimodzi. Yang'ananinso ndime yoyamba. Ana athu anaphunzira ulemu wolonjera asanalowe m'nkhani, ndiye amayamba ndi kuthokoza komiti kapena kutamanda maphunziro, nkhani yeniyeni n'kuyamba m'ndime yachiwiri. Mungamuonetse zimenezi, koma kudula ndime yathunthu n'kwa mwiniwake. Ngati mawu opitirira afika 150, bwezani chimangirizo kwa iye asankhe chochitika chimodzi chosiya. Ambiri akafuna kufupikitsa amayamba kudula tinthu ting'onoting'ono ngati foni ya agogo ija n'kusiya ziganizo zikuluzikulu zopanda kanthu. Muuzeni achite mosemphana ndi zimenezo.

Anthu angati ayenera kuchiona, ndipo tidziwa bwanji kuti takonza mopitirira?

Awiri ndi okwanira: wina womudziwa mwana, woti anene ngati nkhaniyo ndi yoona ndipo ikumveka ngati iye, ndi wina wodziwa galamala. Chikadutsa m'manja asanu, aliyense amachotsa kake n'kuika kake.

Kuti muyese, mupatseni mwana awerenge mokweza chokonzedwacho. Pamene wapunthwa, kapena pamene pali liwu loti sangalifotokoze mutamufunsa, pamenepo pali dzanja lanu. Bwezeretsani mawu ake, mungokonza galamala yake. Kenako yerekezani ndi ziganizo ziwiri za Chichewa zimene munasunga poyamba paja.

Takonza zonse. Chatsala n'chiyani tisanatumize?

Onetsetsani kuti m'fayilo simunatsale ndemanga kapena mizere ya `Track Changes`. Ngati chimangirizo chikumatidwa m'bokosi la pafomu, chiwerengeninso m'bokosimo, chifukwa mipata ya pakati pa ndime imatha kusowa, nkhodolero ndi mitengero zimatha kusanduka zizindikiro zachilendo, ndipo bokosi lina limadula mawu omaliza osachenjeza. Kawerengedwe ka mawu ka pafomu kangasiyane pang'ono ndi ka Word, ndiye siyani mpata wa mawu 5 kapena 10. Onaninso nthawi yotsekera: ikalembedwa 12:00 GMT, muno mu Harare imakhala 2 koloko masana. Popeza magetsi ndi netiweki zimatha kuchoka nthawi iliyonse, konzani zoti kuwerenga komaliza kuchitike kutatsala masiku atatu, ndipo mwanayo atumize yekha kutatsala awiri.